Msoko wa thumba ndi nambala za paketi: zomwe ndimayang'ana pa zithunzi ndisanatumize ndalama

Kalabu yathu ya alimi ili ku Domwe, m'boma la Angoniya, ndipo ine ndine mlembi wake. Timalima chimanga, soya, nyemba ndi mbatatesi ya m'madimba. Mwezi wa Okutobala ukamatha timasonkha ndalama zogulira mbewu ndi feteleza pamodzi, koma wopita kukaona katunduyo si ine. Mwana wa mlongo wanga amanyamula anthu pa njinga yamoto ku Ulongwe, ndiye ndi iye amene amazungulira m'masitolo, nthawi zina mpaka kumalire a Kalomwe kapena ku Biriwiri komwe katundu wa ku Malawi amalowera. Akapeza pomwe mtengo uli bwino amajambula, nkunditumizira pa WhatsApp, ine nkuyang'ana, kenako nkutumiza ndalama pa M-Pesa. Ndalamazo ndi za mabanja ambiri, zina zogulitsa mbuzi. Nchifukwa chake ndinayamba kuziyang'anitsitsa zithunzizo kuposa mmene ndinkachitira kale, ndipo zomwe ndalemba apa ndi zomwe zakhala zikundithandiza.

Anthu ambiri akalandira chithunzi cha thumba amathamangira kuona dzina la kampani, mtundu wa utoto ndi kuwala kwa thumbalo. Ine ndimaziona zimenezo pomaliza. Akuba ambiri kuno sadinda matumba atsopano, chifukwa kudinda nkodula. Amagula matumba enieni opanda kanthu kwa alimi tomwe, nkuthiramo zawo, nkusoka. Ena amatsegula thumba lenileni lodzaza, nkupungula, nkubwezeramo mchenga kapena feteleza wotchipa. Thumba lotere kutsogolo kwake kulibe cholakwika chilichonse, popeza ndi lenileni. Pomwe wakuba wagwira ndi dzanja lake ndi pakamwa pa thumba, ndiye umboni umatsala pamenepo.

Tisanafike pa msoko, pali nkhani ya chithunzi chenichenicho. WhatsApp imachepetsa chithunzi ikamachitumiza kuti chisadye mamega ambiri, ndipo timabowo ta singano ndi timalemba ting'onoting'ono timasungunuka. Ukachikulitsa ndi zala umangoona mabanga. Mnyamatayo ndinamuuza kuti asamatumize kudzera pa kamera ya mu WhatsApp, koma ajambule ndi kamera ya foni, kenako potumiza asankhe Documento, kapena Document ngati foni ili m'Chingerezi. Chikatero chimafika mmene chinajambulidwira. Batani la HD limathandizako, koma silifika pa Documento. Ajambulire panja pa mthunzi, osati mkati mwa sitolo, chifukwa babu amasintha mtundu: chobiriwira chimaoneka chachikasu, choyera chimaoneka chofiirira, ndipo mungakane thumba labwino chifukwa cha babu. Asakulitse ndi zala pojambula, asendere pafupi ndi thumba mpaka malemba aoneke bwino. Ndipo ngati wojambula ndi wogulitsa mwini, osati munthu wanu, muuzeni liwu lililonse lomwe mwaganiza nthawi yomweyo kuti alilembe pa kapepala nkukaika pa thumbalo pojambula. Popanda kapepalako mukhoza kutumiziridwa chithunzi cha chaka chatha kapena cha thumba la munthu wina.

Chaka china mnyamatayo anapeza wamalonda wina ali ndi mulu wa yureya, matumba 12 a makilogalamu 50, pa mtengo wotsikirapo kuposa masitolo akuluakulu a pa Ulongwe. Anandiimbira ali wosangalala. "Malume, apa musachedwe, anthu akulimbirana." Chithunzi choyamba chinali cha kutsogolo, ndipo zonse zinali m'malo mwake: dzina, 46% N, 50 kg, malemba owongoka. Ndinamuuza kuti, "Iwe, jambula msoko wa pamwamba wa thumba lililonse, mbali zonse ziwiri, ugoneke kamtengo ka machesi motsatira ulusi. Ukatero upindule thumbalo ujambulenso kunsi." Anadandaula pang'ono kuti matumbawo ndi olemera ndipo mwini wake akuyang'ana ndi diso loipa, koma anachita.

Makina osokera matumba amasoka mwanjira yakuti mbali imodzi ulusi umaoneka ngati timizere totsatana, mbali inayo umaoneka wolukana ngati unyolo. Msoko woterewu ukaukoka kuchokera kumapeto koyenera umamasuka wonse ulendo umodzi osang'amba thumba. Aliyense amene anatsegulapo thumba la ufa akudziwa. Makina a m'manja osokera chimodzimodzi amapezeka ndi ogula chimanga ndi eni zigayo, choncho kutseka thumba kachiwiri si ntchito yovuta. Chovuta nkubisa mabowo a msoko woyamba. Singano yachiwiri singalowe ndendende momwe inalowa yoyamba, ndiye pamatsala mzere wa timabowo topanda ulusi, pamwamba kapena pansi pang'ono pa msoko watsopano, kapena kudutsana nawo. Pa thumba lolukidwa chabe timabowoti timatha kutsekeka munthu akatikita ndi chala, koma matumba ambiri a feteleza ali ndi pulasitiki yomatidwa kunja kapena pulasitiki ina mkati, ndipo pulasitiki ikabowoka siibwerera. Njira yowaonera bwino ndi kuyatsa tochi ya foni ina kuseri kwa chikutu chotsala pamwamba pa msoko, nkujambula kutsogolo. Bowo lililonse limawala.

Pa matumba 12 aja, anayi anaonetsa mzere wachiwiri wa mabowo poyera. Pa limodzi panatsalanso kaulusi kabuluu kokodwa pakona, pamene msoko wonse unali wa ulusi woyera. Amenewo sanavute. Amene anandidya nthawi ndi ena atatu omwe analibe bowo lililonse, koma ankaoneka mosiyana ndi anzawo mwanjira yomwe poyamba sindinathe kuitchula. Nditaika zithunzi ziwiri moyandikana ndinaona kuti pa matumba asanu otsalawo, kuchokera pa msoko kufika pa chizindikiro cha kampani panali mpata wokwana timitengo ta machesi pafupifupi titatu, pamene pa atatuwa panali kamtengo kamodzi ndi theka. Wosokayo anadula kamwa lonse la thumba pamodzi ndi mabowo akale, nkusoka chakunsi. Mphepete mwake munachitira umboni. Ku fakitale nsalu ya thumba nthawi zambiri imadulidwa ndi chitsulo chotentha kapena kupindidwa, ndiye mphepete mwake simuyoyoka. Pa atatuwa ulusi wa thumba unali nyankhalala, wodulidwa ndi mpeni kapena sizasi.

Kamtengo ka machesi kali ndi ntchito inanso. Mumawerenga kuti m'litali mwake mwalowa misoko ingati. Matumba otsekedwa ndi makina amodzi tsiku limodzi amapereka nambala yofanana, ulusi wake umakhala wofanana kukula ndi mtundu, ndipo kumapeto onse awiri kumalendewera kamchira ka ulusi wolukana. Mulu umodzi ukakhala ndi matumba ena a misoko yotalikirana, ena yothinana, ndiye kuti adutsa m'makina awiri. Kunsi kwa thumba musakuiwale. Msoko wa kunsi umasokedwa thumba likupangidwa, nsalu itapindidwa, ndipo umakhala wowongoka bwino. Akuba ena amadziwa kuti wogula amayang'ana pamwamba pokha, ndiye amatsegulira kunsi.

Pali anthu amene akangoona msoko wokhota amati thumba ndi labodza. Apa ndimatsutsana nawo. Feteleza wambiri amafika pa doko la Beira kapena la Nacala ali chomwaza m'sitima, nkuthiridwa m'matumba konko kapena kumalo osakanizira, ndipo ogwira ntchito kumeneko nawonso amagwiritsa makina a m'manja. Msoko wawo umatha kukhota, ndipo ulusi ukaduka pakati amabwerezanso. Kusiyana kwake nkwakuti akabwereza, ulusi woyamba umakhalapobe, misoko iwiri yonse ili ndi ulusi wamtundu umodzi. Chokayikitsa ndi mabowo opanda ulusi, ulusi wamitundu iwiri, ndi kamwa lofupikitsidwa.

Ndinapemphanso chithunzi chimodzi cha matumba ataimikidwa pakhoma, lokayikitsa pambali pa losakayikitsa. Chifukwa chake nchakuti mchenga ndi wolemera kuposa yureya pafupifupi kawiri. Lita imodzi ya yureya imalemera magalamu pafupifupi 750, pamene lita ya mchenga wouma imafika kilogalamu imodzi ndi theka. Munthu akachotsa makilogalamu 10 a yureya wachotsa malita 13, ndipo akabwezera makilogalamu 10 a mchenga wabwezera malita osafika 7. Pa sikelo thumbalo lidzaonetsa 50, koma lidzakhala lolobodoka, lalifupi, lolemera kunsi. Izi zimagwirizananso ndi kudula kamwa kuja, poti thumba lofupikitsidwa limabisa kulobodokako. Pa chithunzicho matumba odulidwa aja anali ofupika moonekeratu. Zomwe mlimi amataya nzowerengeka: thumba lathunthu la yureya lili ndi makilogalamu 23 a naitirojeni, lopungulidwa motero limatsala ndi 18 ndi pang'ono, ndipo chimanga chimakuuzani mu Januwale masamba akayamba chikasu, nthawi yobweza katundu itapita.

Mnyamatayo anauza wamalondayo kuti titenga asanu okhawo, kapena alole kubaya ena aja chakunsi ndi chitsulo chomwe ogula chimanga amabayira matumba. Iye anayankha kuti, "Achimwene, awuzeni abwana anuwo kuti katundu wanga sasankhidwa, atenge onse kapena asiye." Tinasiya onse, ngakhale asanu aja, chifukwa munthu amene wasunga matumba osokedwanso mu mulu wake sindingamukhulupirire pa otsalawo. Mamembala ena sanakondwe poti tinakagula kokwera mtengo. Patapita masabata angapo, bambo wina wa mudzi woyandikana, amene anagula pa mulu womwewo, anabwera ndi kambale ka feteleza wochokera kunsi kwa thumba lake. Tinathira m'botolo la madzi nkukhutchumula. Yureya weniweni amasungunuka yense ndipo botolo limazizira m'manja. Botololo linazizira ndithu, koma pansi pake panatsala mchenga woyera wosefedwa bwino, wokwana chala chimodzi chopingasa. Pamwamba pa thumba lake panali yureya wabwinobwino, nchifukwa chake potsegula sanaone kanthu. Muyeso wa botolowu ndi wa yureya yekha. Feteleza wokulitsa amasiya matope pansi ngakhale ali weniweni, ndipo wakuba wothira mchere sagwidwa nawo chifukwa mchere nawo umasungunuka.

Za malemba a pa thumba la feteleza ndinena mwachidule. Kuno kumalire timakumana ndi mitundu ingapo ya wokulitsa. Wa kuno ku Mozambiki wodziwika ndi 12-24-12. Kuchokera ku Malawi kumabwera 23:21:0+4S, yemwe anthu amati chitowe, komanso 23:10:5+6S+1.0Zn. Nambala zitatu zoyambazo nthawi zonse zimatsatana chimodzimodzi: naitirojeni, fosifolasi, potaziyamu. Matumba ambiri amalemba nambalazi kawiri, zazikulu kutsogolo, kenako pa kandandanda kakang'ono kumbuyo kapena m'mbali. Ndimapempha zonse ziwiri nkuziyerekeza. Thumba lodindidwa ndi akuba limatha kulemba china kutsogolo, china kumbuyo, kapena kusinthanitsa nambala. Yureya akalembedwa nambala yoposa 46 kwambiri, monga 56 kapena 64, musapitirize nkomwe, chifukwa yureya wopanda chosakaniza chilichonse safika 47. Koma utoto wosefukira pang'ono kunja kwa chilembo, kapena mitundu iwiri yosakumana bwino, pa thumba lolukidwa si nkhani. Nsalu yake ndi yamabampu ndipo makina enieni nawo amaphonya. Chilembo cholakwika pa dzina la kampani kapena pa keyala yake, chimenecho ndiye chachikulu, chifukwa kampani imadinda matumba zikwizikwi ndi chidindo chimodzi ndipo sichingalakwike pa thumba lanu lokha.

Nchifukwa chake ndimasunga thumba limodzi lopanda kanthu la mtundu uliwonse, ndi paketi imodzi ya mbewu iliyonse yomwe tinagula kwa wogulitsa wovomerezeka ndipo inachita bwino m'munda. Ndinazijambula ndi foni yanga panja pa mthunzi, ndi kamtengo ka machesi komweko, nkuzisunga. Popanda chofanizira maso amanama. Koma makampani amasintha maonekedwe a mapaketi awo, ndiye paketi yatsopano ikasiyana ndi yanga yakale, ndimamuuza mnyamatayo akajambule ina ya chaka chomwecho m'sitolo yaikulu, ndisanaweruze.

Mbewu ya chimanga ndiyo imafuna kudekha kwambiri, chifukwa phindu la wakuba ndi lalikulu: amatenga chimanga cha m'nkhokwe, nkupaka utoto wofiira kapena wobiriwira, nkuthira m'paketi ya makilogalamu 2 kapena 5, nkugulitsa pa mtengo wa haibulidi. Pa paketi ya pulasitiki ndimayamba ndi pomatira. Makina a ku fakitale amamata mzere wotakata, wofanana kuyambira kona mpaka kona, nthawi zambiri wokhala ndi timizere kapena timabokosi todinda. Pomatira pa pamwamba pamayenera kufanana ndi mapaketi ena a mulu womwewo. Wotsekanso kunyumba amagwiritsa kamakina kang'ono komatira mapepala a shuga, kapena simbi, kapena mpeni wotenthetsa pa kandulo. Zotsatira zake ndi mzere wopyapyala, makwinya, malo ena opserera, malo ena osagwira, kapena mizere iwiri yodutsana. Fumbi la utoto wa mbewu likaoneka litatsekeredwa mkati mwa pomatirapo ponseponse, ndimakayika kuti paketiyo inamatidwa mkati mwake muli kale modetsedwa, kutanthauza kuti inagwirapo ntchito. Pulasitiki imanyezimira, choncho wojambula apendeketse paketi kuti kuwala kubwere cham'mbali. Makwinya amaoneka bwino motero. Ndipo apanso muyeze mpata wa pakati pa pomatira ndi malemba oyamba, poti paketi yotsegulidwa ndi sizasi imafupika.

Kenako nambala. Apa mpomwe anthu ambiri amasokonezeka, ndipo kusokonezekako kumapangitsa ena kukana mbewu yabwino. Pali nambala ya gulu, yolembedwa pafupi ndi liwu loti Lote kapena Lot No. Imeneyi imayimira mulu wonse wa mbewu yomwe inakonzedwa ndi kuyesedwa pamodzi, ndiye mapaketi ambiri kukhala ndi nambala ya gulu yofanana si cholakwika, ndi mmene ziyenera kukhalira. Palinso, pa mapaketi ena, nambala ya lebulo lenilenilo, kapena kapepala kokanda kokhala ndi nambala yobisika. Imeneyi ndi ya paketi imodzi yokha. Mapaketi awiri akakhala ndi nambala ya lebulo yofanana, limodzi mwa malebulowo, kapena onse, ndi lojambulidwa pa makina. Nchifukwa chake sindilandira chithunzi cha paketi imodzi. Ndimafuna mapaketi atatu kapena anayi otengedwa malo osiyana mu mulu, atagonekedwa pamodzi malebulo ali m'mwamba. Kapepala kokanda kakakhala kokandidwa kale, kapena komatidwa mopendama pamwamba pa guluu wakale, paketiyo ndimaisiya.

Nambala ya gulu ndi masiku sizidindidwa nthawi imodzi ndi zithunzi za paketi. Zimalembedwa pambuyo pake, mbewu ikupakidwa, kawirikawiri ndi makina olemba timadontho ta inki yakuda. Mukakulitsa chithunzi chabwino mumaona timadonthoto payekhapayekha, ndipo nambalayo siigwera malo amodzimodzi ndendende pa paketi iliyonse, imasuntha pang'ono. Wakuba akajambula paketi yeniyeni nkudinda zake, nambalayo imalowa m'chithunzi, ndiye pa mapaketi onse imakhala malo amodzi osasuntha, banga lililonse lofanana. Ndinakumana nazo pa mapaketi a makilogalamu 2 omwe mnyamatayo anajambula pa msika wina wa kumalire. Pa onse atatu, nambala 7 ya mu Lote inali yodukira pamalo amodzi, ndipo pambali pake panali kachizindikiro ka khwinya komwe sikanali khwinya lenileni koma chithunzi cha khwinya. Mapaketi atatu sangakwinyike mofanana. Titayang'ana malemba ang'onoang'ono a kumbuyo, liwu loti Germinação linalembedwa lopanda kamchira pansi pa c ndi kamzere pamwamba pa a, ndipo zilembo zake zinali ndi mphepete zamanomano.

Lebulo la chitsimikizo lili ndi mitundu yake yomwe maiko a SADC anagwirizana. Mbewu yovomerezeka ya m'badwo woyamba imakhala ndi lebulo labuluu, ya m'badwo wachiwiri lofiira, pamene loyera ndi la mbewu ya maziko yomwe imapita kwa ochulukitsa mbewu, osati pa msika. Munthu akakuonetsani lebulo loyera nkumati iyi ndiye yapamwamba kwambiri, mufunseni waitenga kuti. Pa lebulopo pamakhala mtundu wa mbewu, dzina lake, nambala ya gulu, tsiku loyesedwa ndi kameredwe, komwe pa chimanga cha haibulidi nthawi zambiri mudzaona 90%. Dzina ndi nambala ya gulu za pa lebulo zigwirizane ndi zomwe zili pa paketi. Tsiku loyesedwa likhale lomveka: mbewu yogulitsidwa mu Novembala yoyesedwa miyezi yochepa yapitayo ili bwino, koma yoyesedwa chaka chathachi ndi yogonera. Mbewu yogonera si yabodza, ndipo kampani imatha kuiyesanso nkumatapo sitika ya tsiku latsopano. Sitika yoteroyo iyenera kubwereza nambala ya gulu yomwe ili pansi pake. Ikakhala ya tsiku lokha, yodulidwa ndi sizasi, yobisa tsiku lakale, imeneyo wamata ndi wa sitolo.

Paketi ikakhala ndi malo oonekera mkati, ndimapempha chithunzi chapafupi cha njerezo. Mbewu ya kampani imasefedwa potengera kukula ndi maonekedwe, ndiye mu paketi imodzi mumakhala zaphwatalala zokhazokha kapena zobulungira zokhazokha, zofanana msinkhu. Chimanga cha m'nkhokwe chimakhala chosakanikirana, zina zazikulu, zina zosweka, zina zobowoledwa ndi anankafumbwe, ndipo utoto umagwira mwa apo ndi apo, wina nkudikha pansi pa paketi ngati ufa. Koma kuchepa kwa njere si umboni. Mayi wina wa mu kalabu yathu ataona chithunzi cha mbewu yaing'ono yobulungira anakana kwamtuwagalu. "Alembi, izi ndi mphunthe, ine ndalama zanga musaziike pamenepo." Ndinawafotokozera kuti, "Mayi, njere zobulungira zimachokera kumapeto kwa chisononkho, ndipo makolo a haibulidi ena amabereka njere zazing'ono. Onani kuti zonse ndi zofanana, pomatira pali bwino, nambala zikugwirizana." Anavomera monyinyirika, ndipo chimangacho chinamera ndi kukula mofanana m'munda mwawo.

Chomwe ndimawauza anzanga nthawi zonse ndi chakuti chithunzi chimatha kukana katundu, koma sichingamuvomereze kotheratu. Mabowo opanda ulusi ndi umboni wokwanira kuti musagule. Kusowa kwa mabowo kumangotanthauza kuti sindinaone kanthu. Chithunzi sichikweza thumba pa sikelo, sichidziwa ngati feteleza waundana ndi chinyontho mkati, ndipo sichingayeze chakudya cha mbewu chomwe chili m'timibulu. Feteleza wofooka wochokera kumene anasakanizidwira, wothiridwa m'thumba latsopano nkusokedwa kamodzi, amadutsa mayeso onse omwe ndafotokozawa. Ameneyo amagwidwa ndi labotale yokha. Ndiye zithunzi ndimazigwiritsa posankha pomwe sitigula, ndipo pomwe tikugula ndimawonjezera zina: sitolo ikhale yokhazikika, yovomerezeka kugulitsa zipangizo za ulimi, yopereka lisiti. Malamulo a dziko lino okhudza mbewu ndi okhudza feteleza onse anatuluka mu 2013, ndipo alangizi a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi malonda, ndi amene mungawafunse za ogulitsa odziwika kwanuko ndi kuwafikitsira dandaulo.

Pali chinyengo china chomwe chimachitika zithunzi zitatha. Mwavomera matumba omwe mwaona, mwatumiza ndalama, koma okwezedwa pa galimoto ndi ena. Mnyamatayo amayenda ndi cholembera cha inki yosafufutika. Thumba lililonse lomwe ndavomera amalemba nambala ndi chizindikiro chathu modutsa pa msoko penipeni, kuti inki igwire ulusi ndi nsalu mbali zonse, nkujambulanso. Katundu akafika ku Domwe timayerekeza ndi chithunzicho. Wina akamasula msokowo nkusokanso, ulusi watsopano umakhala wopanda inki ndipo chilembocho chimaduka pakati. Pa lisiti timapempha kuti alembe dzina la mbewu ndi nambala ya gulu, osati kungoti chimanga mapaketi 20. Ogulitsa ena amaona ngati tikuwavuta, koma lisiti lopanda nambala silingalumikize paketi yanu ndi sitolo yawo tsiku la dandaulo.

Katundu akafika, thumba lililonse limakwera pa sikelo ya kalabu tisanagawane, ndipo pa mbewu timayesa kameredwe. Timatenga njere 100 kuchokera m'mapaketi osiyanasiyana a gulu limodzi, nkuziyala pa chiguduli chonyowa, nkuchipinda, nkuchiika malo ofunda m'nyumba, tikumawaza madzi kuti chisaume. Kotentha zimawerengeka pakatha masiku 7, koma kuno kumtunda usiku kumazizira, ndiye timadikira mpaka 10. Timawerenga zokhazo zomwe zatulutsa muzu ndi mphukira zonse zathanzi. Lebulo likati 90% ife nkupeza 60 kapena 70, mbewuyo ndi yakale kapena inasungidwa potentha, ndipo timabwerera nayo ku sitolo ndi lisiti mvula isanagwe. Izi zimafuna kuti mbewu igulidwe masabata awiri kapena atatu nthawi yobzala isanafike. Muyesowu suuza ngati mbewuyo ili haibulidi, chifukwa chimanga chatsopano cha m'nkhokwe chopakidwa utoto chimamera bwino kwambiri, nthawi zina kuposa mbewu yeniyeni yogonera. Chimaonekera m'munda mochedwa, mapesi ena aatali ena aafupi, ngayaye kutuluka nthawi zosiyana. Pa chifukwa chimenechi membala aliyense timamuuza atsegule paketi cham'mbali osawononga pomatira ndi lebulo, aisunge mpaka kukolola, ndipo akatha asaigulitse kwa anyamata oyenda m'midzi kugula mapaketi ndi matumba opanda kanthu. Mapaketi a mbewu timawadula pakati tikakolola, ndipo matumba a feteleza omwe tikufuna kusungiramo zinthu timawalemba chizindikiro chachikulu cha kalabu pamwamba pa dzina la kampani.